Tikiti ya sitima ya mu Disembala ku India: masiku 60 aja ndiyambire pati kuwerenga?

Nangozo (Bhopal): Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeniko inu amene mwakhalitsa kuno ku India. Mayi anga akubwera ku Chennai kudzaonana ndi madokotala, atera pa 21 Disembala masana, ndipo ndikufuna adzandipeze nditafika kale. Ndapeza sitima ya Tamil Nadu Express, nambala 12622. Imadutsa pa Bhopal m'mawa n'kukafika ku Chennai m'mawa wa tsiku lotsatira, ndiye ndiyenera kukwera pa 20 Disembala. Pa IRCTC, webusaiti yogulirapo matikiti a sitima kuno, tsikulo silikugulika, akuti sanatsegule. Anzanga a m'kalasi akundiopseza kuti malo a mu Disembala amatha tsiku lomwe atsegulalo. Kodi amatsegula liti kwenikweni, nanga ndikonzekere chiyani?

Namaseko (Hyderabad): Chemwali, amatsegula kutatsala miyezi inayi. Ngati mukunena za Disembala ndiye anatsegula kale mu Ogasiti. Mwina foni yanu ndi imene ikuvuta, yesani pa kompyuta.

aPhiri (Pune): Ayi mayi, miyezi inayi ija inatha. Kale amatsegula kutatsala masiku 120, koma kuyambira pa 1 Novembala 2024 anadula kufika pa masiku 60. Foni ya a Nangozo ilibe vuto, nthawi yake ndi imene sinakwane.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Ndiye nkhani yaphweka. Masiku 60 ndi miyezi iwiri. Mukukwera pa 20 Disembala, gulani pa 20 Okutobala. Basi.

Nasibeko (Leeds): Iwe mphwanga, miyezi iwiri si masiku 60 nthawi zonse. Okutobala ali ndi masiku 31. Kuchokera pa 20 Disembala kubwerera masiku 20 ndi pa 30 Novembala, kubwereranso masiku 30 ndi pa 31 Okutobala, apo takwana 50. Otsala 10 aja akutifikitsa pa 21 Okutobala. Ndawerenga pa kalendala, ndi pa 21.

aPhiri (Pune): Masamu a anesi a ku Leeds ndi olondola, koma tsiku limene ayambira kuwerenga si lake. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya malo, choncho ndifotokoze bwinobwino.

A njanji sawerenga kuchokera tsiku limene inu mukukwera. Amawerenga kuchokera tsiku limene sitimayo ikunyamuka pa siteshoni yake yoyamba. Tamil Nadu Express imanyamuka ku New Delhi usiku, cha m'ma 9 koloko, imayenda usiku wonse n'kufika pa Bhopal kutacha. Sitima imene a Nangozo adzakwere pa 20 Disembala m'mawa ndi imene yanyamuka ku Delhi pa 19 Disembala. Malo onse a m'sitima imeneyo, kaya munthu akukwerera ku Delhi, ku Bhopal kapena ku Nagpur, amatsegulidwa nthawi imodzi. Tsopano werengani masiku 60 kubwerera kuchokera pa 19 Disembala, tsiku la ulendolo osaliwerengera, mupeza pa 20 Okutobala. Amatsegula 8 koloko m'mawa, nthawi ya kuno ku India.

Mukadikira pa 21 ndiye kuti anzanu akhala akugula tsiku lathunthu inu musanayambe. Mu Febuluwale mwina sizingakupwetekeni. Koma sabata ya Khirisimasi isanafike, masukulu akutsekera, tsiku limodzi limenelo ndi lokwanira kuti mupeze mndandanda wa odikira.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Ndiyetu pa 20 pomwe ndinanena paja!

aPhiri (Pune): Tsiku walipeza mphwanga, koma usamawerenge m'miyezi. Apa zangokumana chifukwa sitimayi imanyamuka dzulo lake ndipo Okutobala ali ndi tsiku lowonjezera. Ukadzayesa zomwezo pa sitima yoyambira pa siteshoni yako, udzadzuka m'mamawa n'kupeza sanatsegule. Ndipo pali sitima zazitali zimene zimafika pamalo ena patatha mausiku awiri, monga zochokera ku Kerala kupita kumpoto. Pamenepo umabwerera masiku awiri. Njira yodziwira ndi kutsegula ndandanda ya masiteshoni a sitimayo. Pambali pa siteshoni iliyonse pamalembedwa Day 1, Day 2 kapena Day 3. Bhopal pa 12622 ili pa Day 2, ndiye umachotsa tsiku limodzi.

Malume a ku Balaka: Ana inu, mukuvutikiranji? Sitima timakwera ife kuno, yochokera ku Limbe kudzera pa Balaka mpaka ku Nayuchi. Umangolawira pa siteshoni, kugula tikiti pawindo n'kukwera ndi katundu wako. Mwanayu angolawira tsiku la ulendolo, asaope.

Nangozo (Bhopal): Zikomo malume, koma ndili ku India, ndipo ulendowu ndi wa usana ndi usiku wathunthu.

aPhiri (Pune): Malume sananame kwenikweni. Kunonso kuli mabogi amene umagula tikiti tsiku lomwelo n'kukwera, a General. Koma mulibe malo olembedwa dzina lako, ndipo mu Disembala anthu amadzaza mpaka pakhomo. Mtsikana ali yekha, ndi chikwama, ulendo woposa maola 20, ine sindingamutumize m'menemo. Tikunena za mabogi ogona, mmene bedi lililonse lili ndi nambala ndi mwini wake. SL ndi yopanda mpweya wozizira, 3A ndi 2A ndi zokhala nawo ndipo amapereka zofunda. Mu Disembala chigawo cha ku Bhopal kumazizira m'mawa, ndiye ndingakulangizeni 3A.

Nasibeko (Leeds): Ine ndifunse, chifukwa mwina ndikuganiza za kuno. Ku Britain matikiti otchipa aja a Advance amatuluka kawirikawiri kutatsala masabata pafupifupi 12. Ukachedwa mtengo umakwera, koma sungalephere kuyenda, umagula tikiti yodula tsiku lomwelo n'kukwera, ngakhale uimirire. Kodi kumeneko si chimodzimodzi? Ngati ndi nkhani ya ndalama, achemwaliwa asadzipanikize, tingathe kusonkherana.

aPhiri (Pune): Mtima wabwino umenewo anesi, koma kuno n'kosiyana. Pa sitima ngati Tamil Nadu Express mtengo wa 3A ndi womwewo kaya wagula tsiku loyamba kaya sabata yomaliza. Chimene chimatha ndi bedi. Pali sitima zina, monga Rajdhani, Shatabdi ndi Duronto, zimene mtengo umakwera malo akamatha, koma nazonso zikadzaza zadzaza. Ndalama sizingakugulire bedi limene kulibe. N'chifukwa chake tsiku lotsegulira limalemera kwambiri kuno kuposa kwanuko.

A Nangozo, funso lofunika kuposa onse ndi ili: munafika liti ku India, ndipo muli ndi Aadhaar, chiphaso chimene boma la India limapereka kwa okhala m'dziko muno?

Nangozo (Bhopal): Ndinafika kumayambiriro kwa Ogasiti. Aadhaar ndilibe. Akaunti ya IRCTC ndinatsegula ndi nambala yanga ya foni ya kuno ndipo imalowa bwinobwino.

aPhiri (Pune): Ndiye konzekerani kukaima pamzere, chifukwa pa 20 Okutobala akaunti imeneyo sidzakugulirani. Mu 2025 a njanji anasintha malamulo pofuna kuthana ndi mavenda amene amasesa matikiti pa mphindi zoyambirira n'kumagulitsa modula. Anayamba pa 1 Julayi ndi Tatkal, matikiti a changu amene amatsegulidwa dzulo lake la ulendo, kuti pa intaneti azigula okhawo amene akaunti yawo yatsimikizidwa ndi Aadhaar. Pa 1 Okutobala lamuloli linafika pa matikiti wamba, poyamba kwa mphindi 15 zoyambirira za tsiku lotsegulira. Kenaka anakhala akuwonjezera maola, mpaka mu Januwale 2026 linakhala tsiku lonse loyamba. Akaunti yopanda Aadhaar imayamba kugula sitimayo mawa lake.

Mlendo amaloledwa kutenga Aadhaar, koma akhale atakhala m'dziko muno masiku 182 pa miyezi 12 yapitayo. Inu masiku amenewo akwana mu Febuluwale. Mukadzangokwanitsa mukalembetse, musadzadikire ulendo wina. Koma pa ulendo uno njira yanu ndi windo la pa siteshoni. Pawindo lamulo la Aadhaar lija silikukhudzani, ndipo nawonso amayamba 8 koloko yomweyo, akugulitsa malo omwewo amene a pa intaneti akulimbirana.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Kapena ndikugulireni ine achemwali. Yanga inatsimikizidwa kale, ndipo kugulira mnzako n'kololedwa, dzina la wokwera limakhala lanu. Mungonditumizira ndalama dzulo lake pa UPI, njira yolipirira pa foni ya kuno ija. Pa foni ndimamaliza mofulumira kuposa munthu wachisanu pamzere.

Namaseko (Hyderabad): Pafupi ndi pamene ndimakhala pali kashopu ka munthu wogulitsa matikiti, ndimangomupatsa tsiku iye n'kundipezera. Bwanji osapita kwa oterowo?

aPhiri (Pune): Za mnyamata wa ku Ndirande n'zotheka, bola asawonjezerepo kanthu. Kugulitsa matikiti pa akaunti ya munthu wamba ndi mlandu pa malamulo a njanji. Mudziwenso kuti tikitiyo ikadzafafanizidwa, ndalama zimabwerera kwa iye, ndipo ndi iye yekha angaifafanize. Ngati mumakhulupirirana, palibe vuto.

Za kushopu, mayi, samalani. Alipo ovomerezeka, koma amenewo amaletsedwa kugula pa mphindi zoyambirira, ndiye pa tsiku lotsegulira sangakuposeni inuyo. Wina akakulonjezani bedi lotsimikizika pa sitima yodzaza n'kutchula mtengo wowirikiza, kawirikawiri wagula pa akaunti yosaloledwa kapena m'dzina la munthu wina. M'sitima woyang'anira amafananiza dzina la pa tikiti ndi chiphaso chanu. Zikasiyana amakuwerengerani ngati wokwera wopanda tikiti, ndipo kwa ife alendo okhala pa viza nkhani yotere si yoifuna.

Nangozo (Bhopal): Ndingakonde ndikayese ndekha pawindo kuti ndiphunzire, koma achimwene a ku Jalandhar akhale tcheru. Pawindopo ndikatenge chiyani?

aPhiri (Pune): Pitani dzulo lake, pa 19 Okutobala, mukaone pamene pali ofesi yogulitsa matikiti osungitsa malo, chifukwa si windo lomwe amagulitsirapo a General. Mukatenge fomu, mwina ziwiri, mukalembere kunyumba mutakhala pansi. Pafomupo pamafunika nambala ndi dzina la sitima, tsiku, kalasi, kochokera ndi kopita, dzina lanu monga lilili m'pasipoti, zaka, bedi limene mukufuna, adilesi ndi nambala ya foni. Fomu yachiwiri mulembe 2A kapena SL, kuti akakuuzani kuti 3A yatha musachoke pawindo kukayamba kulemba. M'mawa wa pa 20 mufike 7 koloko isanakwane, ndi pasipoti, ndalama m'manja ndi foni yachaji. Kukhala woyamba kapena wachiwiri pamzere ndiye nkhani yonse, chifukwa kalaliki akamathandiza munthu mmodzi, dziko lonse likugula pa intaneti.

Tsiku lolemba pafomu ndi la 20 Disembala ngati mukugula kuchokera pa Bhopal. Kalaliki akadodoma n'kunena kuti sanatsegule, muuzeni mwaulemu kuti sitimayi imanyamuka ku Delhi pa 19, ayese pa kompyuta.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Kwa amene adzagule pa foni, nazi zimene ndimachita ine. Mayina ndimalowetseratu mu Master List, posungira mayina a okwera m'akaunti ya IRCTC, masiku angapo tsikulo lisanafike, kuti pa 8 koloko ndingosankha osalemba. Malo a dzina amalola zilembo 16 zokha, ndiye mayina athu aataliwa uyenera kuganiziratu kuti ufupikitsa bwanji kuti lifananebe ndi la m'pasipoti. Ndimalowa kutatsala mphindi zitatu kapena zinayi. Ukalowa kale kwambiri n'kungokhala, amakutulutsa nthawi yoipa. Osalowa pa foni ndi pa kompyuta nthawi imodzi ndi akaunti imodzi. Polipira ndimagwiritsa UPI kapena eWallet ya IRCTC imene ndaikamo ndalama kale, chifukwa khadi limadikira OTP, nambala yachinsinsi imene banki imatumiza pa foni, ndipo bedi silikhala lako mpaka ndalama zitadutsa. Ukhoza kuona malo 40 poyamba, pomaliza kulipira n'kupeza WL, kutanthauza mndandanda wa odikira.

aPhiri (Pune): Zonsezo n'zoona. Ndiwonjezere chimodzi chokha. Ndalama zikachoka koma tikiti osaoneka, musathamangire kulipiranso. Yambani mwaona mu Booked Ticket History. Ngati mulibe PNR, nambala ya tikiti yanu, ndiye kuti simunagule, ndalamazo zimabwerera zokha patapita masiku, gulaninso. Koma nthawi zina tikiti imakhala yadutsa, uthenga wokha ndi umene wachedwa, ndipo munthu amapezeka wagula awiri.

Mayi Nabanda (Lilongwe): Pepani ndilowererepo ndi yanga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Bambo a kunyumba akupita ku Delhi kukachitidwa opaleshoni ya bondo kumapeto kwa Novembala, ine ndikuwaperekeza. Akatuluka tikufuna tikaone mwana wathu amene amaphunzira ku Punjab tisanabwerere. Ndili ku Lilongwe, Aadhaar sindikuidziwa n'komwe, ndipo tsiku lotuluka m'chipatala sitikulidziwa. Ndinamva kuti alendo ali ndi malo awoawo amene amagula ngakhale chaka chisanafike. Ndi zoona?

Nasibeko (Leeds): Mayi, ngati mudzagule muli kumudzi, kumbukirani kuti India ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka. 8 koloko yawo ndi 4:30 m'bandakucha ku Lilongwe.

aPhiri (Pune): Ndi zoona mayi, pali gawo la Foreign Tourist, limatsegulidwa kutatsala masiku 365, ndipo kusintha kwa mu 2024 kuja sikunalikhudze. Mumatsegula akaunti ya IRCTC ndi nambala ya foni ya kunja, mumalipira kandalama kolembetsera, ndipo pogula amafuna nambala ya pasipoti. Koma malo ake ndi ochepa, sapezeka pa sitima iliyonse, ndipo mtengo ndi wokwera kuposa wamba. Komanso linapangidwira alendo odzaona dziko. Inu ndi bambo mukubwera pa viza ya chipatala, ndiye ine sindingamange ulendo pa gawo limenelo. Mlendo aliyense amaloledwa kugula pa gawo la General ngati wina aliyense.

Namaseko (Hyderabad): Koma achimwene, mlamu wanga anabwera pa viza ya chipatala ndipo anagula pa gawo lomwelo pa intaneti. Anangofunsidwa pasipoti, m'sitima palibe anamuvutitsa.

aPhiri (Pune): Ine ndinaperekezapo m'bale wina ku ofesi ya alendo pa siteshoni ina yayikulu, ndipo choyamba chimene anayang'ana ndi mtundu wa viza. Mwina pa intaneti sayang'ana, koma munthu wochoka kumene ku opaleshoni sindingamuike poti pakhale kukangana pa bedi.

Namaseko (Hyderabad): Ine ndikuti ayese, akaona malo agule. Sindinamvepo wina atatsitsidwa.

aPhiri (Pune): Apo tisiyane maganizo. Koma mayi Nabanda, nkhani yanu ndi yopepuka kuposa ya a Nangozo, ndipo masiku 60 aja asakusowetseni tulo. Kuchoka ku Delhi kupita ku Ludhiana kapena ku Jalandhar ndi ulendo wa maola ochepa, masana, ndipo sitima zake n'zambiri, kuphatikizapo Shatabdi ndi Vande Bharat zokhala ndi mipando. Pa njira imeneyo, kunja kwa masiku a zikondwerero, malo amapezeka ngakhale kutatsala sabata imodzi. Dokotala akakuuzani tsiku lotuluka, mwana wanu agule ndi akaunti yake ya kuno. Zikupulumutsaninso ku vuto la khadi la kumudzi, limene nthawi zina limakana kulipira kunja chifukwa cha malire a ndalama zakunja. Ngati mudzasankhe sitima yogona, alembe zaka zenizeni za bambo. Pali mabedi apansi osungidwira abambo a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi amayi a zaka 45 kupita m'tsogolo, akamayenda okha kapena awiri. Munthu wa bondo lopangidwa kumene sangakwere bedi lam'mwamba, choncho mwanayo asawaphatikize pa tikiti imodzi ndi anthu ena achinyamata.

Mayi Nabanda (Lilongwe): Ambuye akudalitseni bambo Phiri. Bambo ali ndi zaka 63. Ndimuuza mwanayo awerenge zonsezi.

Nangozo (Bhopal): Ndibwerere kwa ine pang'ono. Nanga ndikafika pawindo n'kupeza malo atha kale? Ndimaona zilembo zambirimbiri, RAC, GNWL, RLWL, ndipo mnzanga wina akuti zonsezi ndi chimodzimodzi, ungogula n'kupemphera.

aPhiri (Pune): Si chimodzimodzi ayi. RAC ikatuluka gulani osaganiza kawiri. Mumaloledwa kukwera, mumagawana bedi lam'mbali lapansi ndi munthu wina, aliyense mpando wake, ndipo wina akafafaniza ulendo mumapatsidwa bedi lathunthu. WL ndiye kudikira chabe, simunapatsidwe malo.

Tsono mabedi a m'sitima sali mulu umodzi. Ali ngati chimanga chogawidwa m'nkhokwe zingapo, iliyonse ndi eni ake. Nkhokwe yayikulu ndi ya okwerera koyambira ndi masiteshoni oyandikana nako, ndipo odikira pamenepo ndiwo GNWL. Anthu ake ndi ambiri, ofafaniza ndi ambirinso, choncho mzere umayenda. Masiteshoni a pakati panjira amapatsidwa gawo laling'ono, ndipo odikira ake amalembedwa RLWL. Pamenepo nambala 12 ikhoza kukhala osasuntha mpaka tsiku la ulendo, pomwe GNWL 30 yadutsa. Inu wokwerera pakati, yang'anani zilembo zimenezi musanakondwere ndi kuchepa kwa nambala.

Njira yozembera ilipo, ndipo ndi yololedwa. Ngati kuchokera pa Bhopal malo atha koma kuchokera ku New Delhi alipo, gulani tikiti ya New Delhi mpaka Chennai, n'kulemba kuti mudzakwerera pa Bhopal. Pafomu pali malo ake, pa intaneti ndi Boarding Station. Mumalipira ulendo wonse, makilomita pafupifupi 700 amene simuyenda, koma mtengo wa sitima sukwera molingana ndi mtunda, ndiye kusiyana kwake si koopsa. Pamenepo tsiku la ulendo pafomu likhala 19 Disembala. Chachikulu musaiwale kulemba pokwerera. Mukaiwala, woyang'anira adzaona bedi lopanda munthu kuchokera ku Delhi, adzalemba kuti simunabwere n'kulipereka kwa wa RAC inu musanakwere. Fomu yachitatu ikhale imeneyi.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Ndipo zikakanika zonse pali Tatkal. Amatsegula dzulo lake la ulendo, 10 koloko ya mabogi ozizira, 11 koloko ya SL. Ndiye pa 19 Disembala 10 koloko, ine ndidzakhala pa foni.

aPhiri (Pune): Maola ndi omwewo, koma tsiku mphwanga, tsiku! Lamulo la siteshoni yoyamba lija likugwiranso ntchito pano. Sitima ikunyamuka ku Delhi pa 19, Tatkal yake ndi pa 18 Disembala. Ukadzatsegula pa 19 udzapeza ya sitima yodutsa pa Bhopal pa 21, yofika ku Chennai pa 22 mayi atatera kale.

Tatkal ikhale yomaliza. Malo ake ndi ochepa ndipo amatha pa mphindi zochepa. Mu 3A amawonjezera marupi 300 mpaka 400 pa munthu, tikiti imodzi imalola anthu anayi okha pomwe yawamba imalola asanu ndi mmodzi, ndipo ukafafaniza tikiti ya Tatkal yotsimikizika sabweza kanthu. Pawindo napo amatumiza OTP ku foni imene mwalemba, ndiye foni ikhale m'manja.

Namaseko (Hyderabad): Koma WL amakwera nayo anthu, ine ndinaonapo. Umalankhula ndi woyang'anira akupezera pokhala.

aPhiri (Pune): Zinkachitika kale kwa amene anagula pawindo. Yogula pa intaneti ikakhalabe WL pamene mndandanda womaliza wa okwera watuluka, imafafanizika yokha n'kubweza ndalama, ndiye ukakwera ulibe tikiti. Ndipo kuyambira mu 2025 anakhwimitsa, ngakhale ya pawindo sikulowetsa m'mabogi a SL kapena ozizira. Mndandanda umenewu kale umatuluka kutatsala maola anayi, tsopano umatuluka kutatsala maola asanu ndi atatu kapena kuposapo, choncho munthu amadziwa msanga. Ukatuluka, mabedi amene atsala m'magawo ena amagulitsidwa kwa aliyense, pa foni amaoneka ngati CURR_AVBL. Ndinaonapo anthu akupeza bedi motero usiku womaliza, koma kwa munthu wokalandira mayi ake pa bwalo la ndege si chinthu chodalira.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Ndiye achemwali gulani masiku awiri. Pa 19 Okutobala gulani ya sitima yodutsa pa 19 Disembala, pa 20 mugule inayo. Imene simuifuna mudzafafanize, amangodula pang'ono mukafafaniza msanga.

Nasibeko (Leeds): Zimenezo ine sizikundisangalatsa. Ukugwira bedi limene munthu wina akulifuna, mwinanso wodwala ngati bambo a mayi Nabandawa.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Komatu ndikafafaniza limapita kwa wa RAC, palibe chotayika. Mzere wa odikira umayenda chifukwa cha ife ofafanizafe.

Nasibeko (Leeds): Amene anaona kuti yadzaza n'kukagula tikiti ya ndege yodula sabwezeredwa ndalama zake chifukwa iwe wafafaniza mochedwa.

aPhiri (Pune): A njanji pochepetsa masiku kufika pa 60 anatchula zomwezi, kuti anthu ambiri amagula kutali n'kufafaniza kapena osabwera n'komwe. Koma m'mawu a mnyamatayu muli nzeru ina. A Nangozo, bwanji osangonyamuka tsiku limodzi m'mbuyo? Mu Disembala kumpoto kumagwa chifunga chambiri ndipo sitima zochokera ku Delhi zimachedwa, nthawi zina ndi maola ambiri. Yanuyi ikuyenera kufika ku Chennai m'mawa wa pa 21, mayi akutera masana omwewo. Ikachedwa maola asanu ndi limodzi, mayi aima okha pa bwalo la ndege m'dziko lachilendo. Mukakwera pa 19 Disembala, sitimayo ndi yonyamuka ku Delhi pa 18, ndipo itsegulidwa pa 19 Okutobala. Ikakukanikani tsiku limenelo, muli ndi mwayi wina mawa lake pa 20.

Nangozo (Bhopal): Mayeso anga omaliza ndi pa 17, ndiye n'zotheka. Kogona usiku umodzi ku Chennai ndipeza, kuli mtsikana wa kwathu ku Ntcheu amene amaphunzira kumeneko. Ndiye mafomu ndikatenga pa 18 Okutobala, pamzere pa 19. Achimwene a ku Jalandhar, musagule mpaka nditakuimbirani, tingadzagule awiri.

Mwana wa ku Ndirande (Jalandhar): Ndamva achemwali. Nditumizireni dzina monga lilili m'pasipoti ku inibokosi ndiliike mu Master List lero.

aPhiri (Pune): Akakupatsani tikiti musachoke pawindo musanaiwerenge. Onani tsiku, nambala ya sitima, pokwerera, zaka zanu, ndipo pakhale nambala ya bogi ndi ya bedi, monga B3 ndi 41. Cholakwika chimakonzeka mosavuta mukadali pomwepo. Pepala limenelo mulisunge m'pasipoti, chifukwa tikiti ya pawindo imafunika yeniyeniyo m'sitima, chithunzi cha pa foni sachilandira.

Nangozo (Bhopal): Nanga yobwerera? Mayi sakudziwa kuti madokotala awasunga masiku angati, koma ine kalasi ikuyamba pa 5 Januwale.

aPhiri (Pune): Yobwerera ndi 12621, imayambira ku Chennai komweko usiku, ndiye palibe tsiku lochotsa ndipo mudzakhala pa gawo lalikulu lija. Mukafuna kunyamuka pa 3 Januwale, tsiku lanu ndi 4 Novembala, 8 koloko. Gulani, mayi akadzafunika kuti mukhalitse mudzafafaniza.